Lole iime pati pa mlatho kuti momenti ya bimu ifike pachimake?

Wophunzira wa kwa Mponda: Akuluakulu, ndithandizeni funso lomwe latigawanitsa anthu atatu. Bimu ya mlatho ndi ya mamita 16, yangokhala pa zotsamira ziwiri, kuno ndi uko. Lole ili ndi maekiselo atatu: yakutsogolo 60 kN, yapakati 120 kN, yakumbuyo 120 kN, ndipo atalikirana mamita 4 ndi mamita 4. Akufuna momenti, kutanthauza mphamvu yopinda bimu, yaikulu koposa imene lole ingabweretse ikamadutsa. Ine ndapeza 816 kNm, mnzanga wapeza 840, koma pa pepala la mayankho aphunzitsi alemba 843. Tonse tagwiritsa ntchito infuluwensi laini. Ndani ali pa njira?

Mnyamata wa ku Malindi: Achemwali, 840 ndiye yankho. Momenti yaikulu pa bimu yotere imakhala pakatikati nthawi zonse. Ikani ekiselo yolemera pakati, basi. 843 iyo mwina dzanja linaterereka polemba.

Kapitawo wa ku Namwera: Ine ndimaona ngati nkhani yake ndi yachidule. Jambulani chithunzi cha momenti chija, chonga phiri, muwerenge pamwamba pake. Si ndiye infuluwensi laini imeneyo?

Mayi Injiniya: Bambo kapitawo, zithunzi ziwirizo zimafanana maonekedwe koma zikunena zinthu zosiyana, ndipo ambiri amasokonezekera pomwepo. Pa chithunzi cha momenti chomwe mumachidziwa, katundu waima malo amodzi, inu n'kumayenda m'litali mwa bimu kufunsa kuti pano momenti ndi yochuluka bwanji, nanga apo. Pa infuluwensi laini mumaima ndinu. Mumasankha malo amodzi pa bimu, kuika chizindikiro cha choko, ndiye katundu wa 1 kN n'kumayenda kuchokera tsidya lino kufika tsidya lina. Msinkhu wa mzerewo pamalo alionse ukukuuzani momenti imene ingabwere pa choko paja katundu akaima pamalo amenewo. Choko mukachisamutsa, mzerenso mujambula wina.

Achemwali a kwa Mponda, tiuzeni kaye mmene mwaimikira lole kuti mupeze 816.

Wophunzira wa kwa Mponda: Ndayamba kupeza pamene kulemera konse kwa lole kumagwera, rizalitanti. Kuchokera ku ekiselo yakutsogolo:

```
(120×4 + 120×8) / 300 = 4.8 m
```

Ndiye ndaika rizalitantiyo pakatikati pa bimu, pa mamita 8. Poyeza kuchokera kumanzere, maekiselo agwera pa 3.2, 7.2 ndi 11.2. Mzere wa pakatikati nsonga yake ndi 16/4, kutanthauza 4, ndipo misinkhu pansi pa maekiselo ndi 1.6, 3.6 ndi 2.4. Ndikachulukitsa ndikupeza 96 + 432 + 288, zomwe ndi 816.

Mayi Injiniya: Masamu anu ali bwinobwino, vuto ndi poimika lole. Rizalitanti si tayala, sikhudza mlatho. Imathandiza popeza mphamvu za pa zotsamira, koma nsonga ya mzere wanu mwaisiya yopanda ekiselo. Mzere wa momenti pa bimu yotere ndi mizere iwiri yowongoka yokumana pa nsonga. Lole ikamasuntha pang'onopang'ono, momenti imakwera kapena kutsika mofanana mpaka ekiselo ina itadutsa pa nsongapo, ndiye kasinthidwe kake kamatembenuka. N'chifukwa chake chimake chimapezeka ekiselo imodzi itaponda pa nsonga penipeni, osati pakati pa maekiselo.

Tayesani kukankha lole yanu mamita 0.8 kumanja, kuti ekiselo yapakati ifike pa 8. Yakutsogolo ikhala pa 4, yakumbuyo pa 12, ndipo misinkhu ndi 2, 4, 2.

```
60×2 + 120×4 + 120×2 = 840 kNm
```

Imeneyo ndi 840 ya mnzanu. Musaiwale kuyesanso ekiselo yakumbuyo pa nsonga: yapakati ikhala pa 4, yakutsogolo pa 0, mupeza 480 + 240, zomwe ndi 720 basi. Ndiye pakatikati pa bimu sipangapitirire 840.

Mnyamata wa ku Malindi: Mwaona? Ndinanena ine.

Mayi Injiniya: Achimwene, mwalondola theka. 840 ndi momenti yaikulu ya pakatikati. Funso silinanene kuti pakatikati, lanena kuti yaikulu koposa pa bimu yonse. Katundu akakhala mmodzi, kapena akakhala wofanana mbali zonse, ziwirizi zimakumana. Lole iyi ndi yolemera kumbuyo, ndiye sizikumana.

Kachitidwe kake ndi aka. Rizalitanti ili pa 4.8 kuchokera kutsogolo, ekiselo yapakati ili pa 4, mpata wake ndi mamita 0.8. Imikani lole kuti pakatikati pa bimu pagawe mpata umenewo pawiri mofanana: ekiselo yapakati mamita 0.4 mbali ino ya pakati, rizalitanti mamita 0.4 mbali inayo. Ekiselo yapakati igwera pa 7.6, rizalitanti pa 8.4, yakutsogolo pa 3.6, yakumbuyo pa 11.6. Tsopano choko chanu chisamuke, chikhale pa 7.6, mujambule mzere watsopano wa malo amenewo.

```
nsonga:       7.6×8.4/16 = 3.99
yakutsogolo:  3.6×8.4/16 = 1.89
yakumbuyo:    7.6×4.4/16 = 2.09
60×1.89 + 120×3.99 + 120×2.09 = 843 kNm
```

Aphunzitsi anu sanaterereke dzanja.

Wophunzira wa kwa Mponda: Zikomo mayi, 843 yatuluka. Koma kugawa mpata pawiriko kukuchokera kuti? Kungoloweza ndiiwala tsiku la mayeso.

Mayi Injiniya: Lembani nokha kamodzi, simudzaiwala. Tinene kuti ekiselo yapakati ili pa mtunda x kuchokera kumanzere. Rizalitanti ili pa x + 0.8, ndiye chotsamira chakumanzere chanyamula 300 kuchulukitsa (16 − x − 0.8) kugawa ndi 16. Momenti pansi pa ekiseloyo ndi mphamvu imeneyo kuchulukitsa x, kuchotsapo 60×4 ya ekiselo yakutsogolo.

```
M = 300×(15.2 − x)×x/16 − 240
```

Mbali ya 240 siisintha ngakhale lole isunthe bwanji. Chotsala ndi x kuchulukitsa (15.2 − x), manambala awiri omwe kuwaphatikiza amapereka 15.2 nthawi zonse. Manambala otero akachulukitsidwa amapereka chachikulu koposa akakhala ofanana, ndiye x ndi theka la 15.2, kutanthauza 7.6. Mukaikamo mupeza 142.5×7.6 − 240, yomwe ndi 843 yomweyo. Zikomanso kuti njira ziwiri zosiyana zikupereka nambala imodzi, ndiye mukhoza kugwiritsa ina poona ngati ina yalondola.

Madala a Milatho: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Zonse mwanena n'zoona mayi, koma ana awa asatuluke muno akuganiza kuti mlatho umagwa chifukwa cha 3 kNm. 843 ndi 840 zasiyana ndi gawo losakwana theka la peresenti imodzi. Ndiye bimu ili ndi kulemera kwake, silabu, phula, zotchingira m'mbali. Tiyerekeze kuti zonsezi ndi 20 kN pa mita iliyonse. Katundu woyala chonchi mumachulukitsa ndi malo onse ali pansi pa mzere, theka la 16 kuchulukitsa 4, zomwe ndi 32, ndiye momenti ya pakatikati ndi 640. Pa 7.6 ndi 638.4. Phatikizani: pakatikati 640 ndi 840 ndi 1480, pa 7.6 ndi 1481.4. Ife tinkangotenga 843 n'kuphatikiza ndi 640, n'kupitirira ndi ntchito.

Mayi Injiniya: Pa mamita 16 sindikutsutsani, madala. Phindu la kusuntha lole limachepa bimu ikamatalika, chifukwa ndi kulemera konse kuchulukitsa mpata uja kawiri, kugawa ndi 4L, pomwe L ndi kutalika kwa bimu. Kuno ndi 300×0.8×0.8/64, ndiye 3 ija. Pomwe ndimaopa ine ndi pa timilatho tifupitifupi ta m'misewu yafumbi, tomwe ndi tambiri m'boma lino kuposa ikuluikulu. Pamenepo lamulo logawa mpata limapusitsa anthu, chifukwa limaganiza kuti maekiselo onse ali pa mlatho.

Tengani lole yomweyi pa bimu ya mamita 6. Munthu wongotsata lamulo aika ekiselo yapakati pa 2.6, rizalitanti pa 3.4, awerengera 130×2.6 − 240, apeza 98 kNm. Koma taonani pomwe pali maekiselo enawo. Yakutsogolo ili mamita 1.4 kunja kwa mlatho, pa dothi. Yakumbuyo ili pa 6.6, sinakwere n'komwe. Pa bimu pali ekiselo imodzi yokha, ndipo ikafika pakati ikupereka 120×6/4, kutanthauza 180 kNm. Wolemba 98 uja waika zitsulo zokwanira theka lokha ndi pang'ono la zomwe zikufunika. Ekiselo ikatsika pa mlatho, rizalitanti muiwerengerenso ndi maekiselo otsalawo.

Mnyamata wa ku Malindi: Ndiye pa tifupitifupi tibwerera kwa ine, ekiselo imodzi pakati?

Mayi Injiniya: Pa mamita 6 inde. Pa mamita 7 ayi. Ekiselo imodzi pakati ikupereka 210. Koma ikani ziwiri zolemera zija pa 2.5 ndi pa 6.5, zonse zakwera. Chotsamira chakumanzere chinyamula 240×2.5/7, ndipo mukachulukitsa ndi 2.5 mupeza 214.3 kNm, mita yathunthu kuchokera pakati. Kwa maekiselo awiri olemera mofanana, malire ali pomwe mpata wawo wafika 0.586 ya kutalika kwa bimu. Mpata ukaposa pamenepo, ekiselo imodzi pakati ndiyo ikulamula. Ukachepera, muyese onse awiri.

Kwa ine nkhani yaikulu pa mamita 7 si 4 kNm yowonjezerayo, ndi malo ake. Lole imadutsa mbali zonse ziwiri, ndiye 214 imeneyo imabwera pa 2.5 komanso pa 4.5. Momenti yaikulu yayala pa dera la mamita awiri pakati pa bimu. Munthu amene anangowerengera pakatikati n'kuyamba kudula zitsulo za pansi msanga poganiza kuti momenti yatsika, wadula pomwe zikufunika kwambiri.

Dalaivala wa mchenga: Pepani mabwana, ine masamu anu sindikuwatsatira onse, koma lole yanuyo sindinaionepo. Zathu za maekiselo atatu, awiri akumbuyo amakhala moyandikana, mita imodzi ndi theka sikwana. Mamita 4 pakati pawo ndi lole yanji? Komanso matani 12 pa ekiselo imodzi pa sikelo sangakusiyeni.

Madala a Milatho: Adalaivala afunsa funso labwino kuposa onse. Lole ya m'funsoli ndi ya m'kalasi, anaipanga kuti manambala atuluke osavuta. Tiyeni tisiye kulemera momwemo, 60, 120, 120, koma awiri akumbuyo tiwayandikize pa mamita 1.4. Pa bimu ya mamita 16 ija, ekiselo yapakati pa 8, yakumbuyo ikhala pa 9.4 pomwe msinkhu wa mzere ndi 3.3, osati 2 ngati poyamba. Mupeza 120 + 480 + 396, zomwe ndi 996 kNm. Lole siinalemere ndi kilogalamu imodzi, koma momenti yachoka pa 840 kufika pa 996. Apa m'pomwe mzerewu umaonetsa ntchito yake: ukuonetsa ndi maso kuti katundu wounjikana pafupi ndi nsonga amapweteka bimu kuposa katundu yemweyo atamwazikana.

Dalaivala wa mchenga: Ndiye n'chifukwa chake chikwangwani chongolemba matani a galimoto yonse chimandisokoneza. Thiraki yaitali ya ngolo imalemera kuposa tipa yanga, koma pa kamlatho kakafupi siikwera yonse nthawi imodzi.

Mayi Injiniya: Mwaigwira bambo. Pa kamlatho ka mamita 6 kapena 7 chofunika ndi kulemera kwa ekiselo kapena kwa gulu la maekiselo oyandikana. Kulemera kwa galimoto yonse kumayamba kulamula mlatho ukatalika mokwanira kuinyamula yonse. Tipa yaifupi yodzaza mchenga wonyowa ikhoza kuvutitsa kamlatho kuposa thiraki yopita ku Chiponde.

Kapitawo wa ku Namwera: Poti mwatchula timilatho, ndili ndi kanga kwathu kuno komwe kakundisowetsa tulo. Ndi ka mabimu atatu a konkire, kutalika ngati mamita 8. Chiyambire kudutsa malole a njerwa, pansi pa bimu yapakati paoneka ming'alu yopyapyala yoimirira, isanu kapena isanu ndi umodzi, osati pakatikati pokha koma yamwazikana mita imodzi uku ndi uku. Pa bimu ya m'mphepete, pafupi ndi chipupa, pali umodzi wopendekera. Kodi ndi momenti imeneyi?

Mayi Injiniya: Yoimirira ya pansi, yoyambira kunsi kukwera m'mwamba, ndi ya kupindika, ndipo kumwazikana kwakeko kukugwirizana ndi zomwe tangonenazi: chimake chimasuntha limodzi ndi maekiselo. Konkire ya zitsulo imakhala ndi timing'alu topyapyala totere ngakhale ili bwino. Ikani chizindikiro kumapeto kwa uliwonse, lembani tsiku, muone ngati ikukula, kapena ngati ikutuluka madzi a dzimbiri. Wopendekera wa pafupi ndi chipupawo ndi nkhani ina. Umenewo umaloza ku shiya, mphamvu yofuna kudula bimu chopingasa, ndipo shiya ili ndi mzere wakewake, womwe umafika pamwamba ekiselo yolemera ikakhala pafupi ndi chotsamira, osati pakati. Bimu yolephera ndi shiya siichenjeza nthawi yaitali. Kadziwitseni a zomangamanga ku khonsolo sabata ino kuti abwere adzaone ndi maso, ndipo ngati n'kotheka malole olemera ayambe adikira. Pa foni sindingakuuzeni kuti kali bwino.

Kapitawo wa ku Namwera: Ndamva mayi. Mawa ndikajambula zithunzi, ndiika rula pambali pa mng'aluwo kuti kukula kwake kuoneke.

Wophunzira wa kwa Mponda: Ndayesa kuziika mu Excel kuti lole iziyenda yokha mamita 0.1 nthawi iliyonse. Msinkhu wa mzere pansi pa ekiselo iliyonse ndalemba chonchi, pomwe x ndi malo a ekiselo, a ndi malo a choko:

```
=IF(x<=a, x*(L-a)/L, a*(L-x)/L)
```

Pa mamita 16 ikupereka 843 pa 7.6. Koma pa mamita 6 ikundipatsa manambala achilendo, ena ndi ochepera ziro.

Mayi Injiniya: Ndi msampha womwe uja wa ekiselo yotsika pa mlatho. Ekiselo ikakhala kunja, fomula yanu ikupitiriza mzere pansi pa ziro, ngati kuti lole ikunyamula bimu kuikweza m'mwamba. Itsekeni chonchi:

```
=IF(OR(x<0,x>L), 0, IF(x<=a, x*(L-a)/L, a*(L-x)/L))
```

Mukatero muiyendetse lole mbali zonse ziwiri, musunge momenti yaikulu ya malo alionse, muijambule. Chotulukacho ndi envulopu, ndipo ndiyo imakuuzani pomwe chitsulo chingathere.

Mnyamata wa ku Malindi: Funso langa ndi lina. 843 yonseyo ikupita pa bimu imodzi? Mlatho uli ndi mabimu angapo, lole ili ndi matayala mbali ziwiri.

Madala a Milatho: Ayi, imagawika. Njira yakale ndi kujambulanso infuluwensi laini ina, ino yopingasa msewu. Tinene mabimu atalikirana mamita 2, matayala a lole atalikirana mamita 1.8. Ikani tayala limodzi pamwamba penipeni pa bimu yapakati, msinkhu wake ndi 1. Linalo lili mamita 1.8 kumbali, latsala mamita 0.2 kufika pa bimu yoyandikana, msinkhu wake ndi 0.1. Tayala lililonse ndi theka la ekiselo, ndiye bimu yanu yanyamula theka la 1.1, kutanthauza 0.55 ya lole. Pa 843 mupeza pafupifupi 464 kNm. Lole yachiwiri ikakhala pambali muonjezere gawo lake.

Mayi Injiniya: Njira imeneyo imatenga silabu ngati yoduka pamwamba pa bimu iliyonse, pomwe silabu yeniyeni ndi imodzi ndipo imagawira katundu mabimu akutali. Pa bimu yamkati kawirikawiri imapereka nambala yokulirapo. Pa mlatho wa mabimu ambiri ine ndimakonda kuika mabimu ndi silabu yonse mu kompyuta.

Madala a Milatho: Nambala yokulirapo sindiiopa ine, mayi. Pa kamlatho ka kumudzi, komwe konkire akusakaniza ndi fosholo ndipo palibe amene adzaletse lole yodzaza mopitirira, zitsulo ziwiri zowonjezera n'zotchipa.

Mayi Injiniya: Pa bimu yamkati tingagwirizane. Ya m'mphepete, lole ikayandikira kumapeto kwa silabu yolendewera, musaidalire kuti njira yakaleyo ikutetezani chimodzimodzi. Tidzaikambirane payokha imeneyo ndi chithunzi cha mlatho weniweni.

Wophunzira wa kwa Mponda: Lomaliza. Ndikamawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire ndimadzifunsa ngati lamulo logawa mpata pawirili lingagwire pa mlatho wautali wa mizati m'madzi ngati umenewo.

Mayi Injiniya: Lamulo limenelo ndi la bimu ya zotsamira ziwiri basi. Bimu ikadutsa pamwamba pa mzati osaduka, mizere yake siikhalanso yowongoka, imapindika, ndipo mbali zina imagwera pansi pa ziro. Njira ya Müller-Breslau imakupatsani maonekedwe ake musanawerengere kanthu: pamalo mukufuna momenti yerekezani kuti mwaikapo hinji, muipotoze pang'ono, mmene bimu yapindikiramo ndiwo mzere wanu. Mukayesa pa bimu ya zigawo ziwiri zofanana muona zinthu ziwiri. Momenti ya pakati pa chigawo chimodzi imachepa mukaika lole pa chigawo chinacho, ndiye kudzaza mlatho wonse si kumene kumapereka yaikulu. Koma momenti ya pamwamba pa mzati, yomwe imakoka konkire ya kumtunda, imakula mukaika katundu mbali zonse ziwiri, ndipo ekiselo yoima pa mzati penipeni siipereka kalikonse. Malo oipitsitsa ali pa 0.577 ya chigawo kuchokera ku chotsamira cha kumapeto, pomwe msinkhu wa mzere ndi 0.096 ya kutalika kwa chigawocho.

Dziwaninso kuti pa ntchito yeniyeni simusankha lole nokha. Buku la malamulo a kamangidwe ka milatho lomwe ntchitoyo ikutsata, kaya ndi la SATCC kapena BS 5400, limakupatsani katundu wake ndi zochulukitsira zake. Galimoto yongoyerekeza ya mu BS 5400, yotchedwa HB, ili ndi maekiselo anayi, awiriawiri otalikirana mamita 1.8, ndipo mpata wapakati umayesedwa pa mamita 6, 11, 16, 21 ndi 26. Pa bimu ya zotsamira ziwiri wa 6 ndiwo umalamula, chifukwa maekiselo onse ayandikira nsonga. Pamwamba pa mzati mpata wautali ukhoza kuposa, chifukwa umaika awiri pa chitunda cha mbali ino, awiri pa chitunda cha mbali inayo.

Madala a Milatho: Achemwali, yesani zigawo ziwiri za mamita 16 ndi galimoto ya HB imeneyo, muone mpata womwe upereke momenti yaikulu pa mzati. Ine ndikuganiza wa 11, koma wa 16 muuwerengerenso musanandikhulupirire.

Wophunzira wa kwa Mponda: Fomula ya Excel ija siigwira pamenepo, eti madala? Ndiyambe ndapeza ya mzere wopindikawo.

Mayi Injiniya: Siigwira. Ya momenti ya pa mzati, pomwe x mukuyeza kuchokera ku chotsamira cha kumapeto kwa chigawo chomwe ekiselo ili, ndi iyi:

```
M = −x×(L² − x²) / (4×L²)
```

Ikani x = 9.24 pa L = 16, muyenera kupeza pafupifupi −1.54. Mukaipeza, yendetsani maekiselo anayi aja.